Momwe mungalembere uthenga wa m'mawa ngati mukuphunzira ku yunivesite uku mukugwira ganyu

Wophunzira amene ali ndi kalasi m'mawa, masana n'kukakhala pa benchi ya Airtel Money kapena Mpamba pa Kasungu boma, savutika kukumbukira zochita. Vuto ndi loti amazindikira mochedwa kuti ziwiri zagwera ola limodzi. Uthenga wa mizere isanu, wodzilembera nokha musanatuluke m'nyumba, umaonetsa zimenezi kudakali m'mawa.

Yambani ndi kutsegula gulupu ya kalasi pa WhatsApp, chifukwa aphunzitsi akasintha nthawi, nkhani imafikira kumeneko, nthawi zina usiku. Kenako onani ndandanda ya makalasi ndi maola amene munagwirizana ndi abwana. Mukatero lembani motere:

```
Lachitatu
KALASI: 8:00-10:00
GANYU: 1:00-5:00, kunyamuka 12:30
ASAYIMENTI: Lachisanu 12:00, atsala masamba 3 mwa 5
MPATA: 10:30-12:30, kulemba tsamba lachitatu
ZOWOMBANA: palibe
```

Pa mzere wa ganyu lembani nthawi yonyamukira, chifukwa ulendo wa kabaza nawo umadya nthawi.

Mzere wa asayimenti ndi umene ambiri amaulakwitsa. Kungolemba kuti "asayimenti" sikuthandiza. Nenani tsiku lopereka ndi zimene zatsala, kaya ndi masamba kaya mafunso. M'chitsanzochi atsala masamba atatu, ndipo masiku olembera ndi awiri okha, Lachitatu ndi Lachinayi, poti Lachisanu m'mawa ndi losindikiza kapena kutumiza, ndipo magetsi kapena netiweki zikhoza kukukhumudwitsani. Ndiye kuti tsamba limodzi la pa mpata wa lero silikwanira: mawa mukhala ndi awiri, kapena muwonjezere ola limodzi madzulo ano. Masamu amenewa muwachite m'mawa muno, osati Lachinayi pakati pa usiku.

Tiyerekeze kuti pa gulupu alengeza kuti kalasi yasunthira 2 koloko masana. Mzere womaliza usinthe: "kalasi 2:00-4:00 yawombana ndi ganyu". Pomwepo lemberani abwana, shopu isanatsegulidwe: "Mwadzuka bwanji bwana? Kalasi yathu aisunthira 2 koloko. Ndimapempha ndibwere 8 koloko mpaka 12 koloko m'malo mwa masana." Pempho lobwera ndi nthawi ina yogwirira ntchito limamveka msanga kusiyana ndi kungonena kuti simubwera. Koma onani kuti mpata wolembera uja wathera ku ganyu, choncho tsamba lija lipezereni malo 4 koloko ikadutsa.

Uthengawo dzitumizireni nokha. Pa WhatsApp, mukamayamba macheza atsopano, nambala yanu imaoneka pamwamba ndi mawu oti "Message yourself". Ukhoza kuwerengeka ngakhale bandulo itatha. Mawa ingokoperani wa lero n'kusintha maola.

Mukaona ntchito imodzimodzi ikubwerera pa mzere wa mpata masiku atatu otsatizana, ndiye kuti yakula kuposa mpatawo. Iduleni, mulembe "ndime ziwiri zoyambirira" m'malo mwa "mutu woyamba".