Momwe mungayerekezere njira zitatu zoikira mtengo ndi kupeza pamene ndalama zolowa zibwerera

Funso la mitengo likabwera pa ntchito ya kusukulu, musangofotokoza njira zitatuzo n'kulekeza pomwepo. Ziyeseni zonse pa katundu mmodzi. Tiyerekeze kampani yosoka zikwama, ndipo manambalawo muwaike m'ndalama zilizonse zimene funso lanena.

Yambani ndi kulekanitsa ndalama zolowa. Lendi ndi malipiro a pamwezi ndi 6,000, kaya mwasoka kaya ayi. Nsalu, zipi ndi ulusi wa chikwama chimodzi ndi 30, ndipo ndalama zonse za zimenezi zimakwera mukamasoka zambiri. Kampani ikuyembekeza kugulitsa zikwama 400 pamwezi.

Kenako pezani mitengo itatu. Njira yoyamba ndi yoonjezera phindu pa zolowa. Gawani 6,000 pa zikwama 400, mupeza 15. Phatikizani ndi 30, chikwama chadya 45. Mukaonjezerapo 20 peresenti, mtengo ndi 54. Njira yachiwiri ndi yoyang'ana opikisana nawo: ngati iwo akugulitsa pa 48, inunso 48.

Yachitatu imafuna kuganiza kwambiri, chifukwa imayambira kwa wogula. Ngati chikwama cha 48 chimatha m'chaka chimodzi pamene chanu chimakhala zaka ziwiri, kwa iye chanucho n'chofanana ndi 96. Simungamulipiritse yonseyo, apo ayi sapindulapo kanthu. Tinene 70.

Tsopano werengani kuchuluka kwa zikwama zoti mugulitse kuti musapindule komanso musaluze:

```
Q = F / (P - V)
```

Q ndi kuchuluka kwa zikwamazo, F ndi ndalama zosasintha za lendi ndi malipiro zija, P ndi mtengo, V ndi zolowa pa chikwama chimodzi. Pa 54, chikwama chilichonse chikusiya 24, ndiye 6,000 kugawa ndi 24 ndi zikwama 250. Pa 70 chikusiya 40, zikwama 150. Pa 48 chikusiya 18, yankho 333.3, koma lembani 334, pakuti pa 333 ndalama sizinakwanebe. Chenjerani pa V: ikani 30 osati 45. Mukaika 45, lendi mwaiwerengera kawiri.

Apa ndi pamene ndimafuna wophunzira achedwepo. Mtengo wa 54 ukuoneka wotetezeka, komatu waima pa chiyembekezo cha zikwama 400. Zikagulidwa 200 zokha, zikusiya 4,800, ndipo kampani yaluza 1,200 ngakhale papepala munalemba phindu la 20 peresenti. Mtengo wa 48 nawo ukusiya mpata wochepa, zikwama 66 zokha pakati pa 334 ndi 400, ndipo mwina opikisana nawowo amasoka motchipa kuposa inu.

Nanga 70? Zikwama 150 zisakunamizeni kuti wapambana, chifukwa mtengo ukakwera ogula amachepa. Zikwama 200 pa 70 zikupatsa phindu la 2,000, pamene 400 pa 54 zikupatsa 3,600. Kuti 70 ifanane ndi phindu limenelo, pafunika zikwama 240. Nambala imeneyi ilembeni m'yankho lanu, kenako nenani chifukwa chimene mukukhulupirira kuti ogula 240 apezeka kapena sapezeka.