Dzina la Chingerezi lilowe pati m'nkhani ya Chichewa?

Mlimi akapeza mbozi mu nsonga ya chimanga chake, nthawi zambiri dzina limene amalemba pa foni pofufuza ndi lomwe anamva kwa wogulitsa mankhwala: `fall armyworm`. Inu mwalemba nkhani yabwino ya ntchemberezandonda pa intaneti, koma ngati mawu awiri amenewa mulibemo, zivuta kuti Google imufikitse kwa inu. Adzathera pa nkhani ya Chingerezi imene akumva theka lokha.

Pothetsa vutoli musachite kusakaniza zilankhulo. Google imazindikira chilankhulo cha nkhani poona mawu amene akuoneka, ndiye mukamasinthasintha ziganizo, china cha Chichewa china cha Chingerezi, mumasokoneza makina ndi munthu yemwe. Nkhani yonse ikhale m'Chichewa, ndipo dzina la chinthucho lokha ndilo lilowe m'Chingerezi.

Malo oyamba ndi mutu. Ine ndingalembe chonchi:

```
Kuthana ndi ntchemberezandonda, fall armyworm, m'chimanga
```

Pamodzi ndi mipata, zilembo zake ndi 57. Mutu ukapitirira zilembo pafupifupi 60 umakonda kudulidwa pa zotsatira za Google, choncho dzina lofunika musalikankhire kumapeto. Malo achiwiri ndi ndime yoyamba, m'chiganizo chenicheni chonena kuti mbozi imeneyi pa Chingerezi imatchedwa chakuti. Ngati muli ndi chithunzi cha tsamba lobooka, dzinali lilowenso m'mawu ofotokoza chithunzi, pamene pamalembedwa `alt`. Basi, zakwana. Kulibwereza m'ndime iliyonse kumatopetsa owerenga, ndipo mndandanda wa `meta keywords`, mawu ofufuzira amene amabisidwa m'kati mwa tsamba la pa intaneti, musataye nawo nthawi, chifukwa Google inanena mu 2009 kuti siugwiritsa ntchito posanja zotsatira.

Mbali imene ambiri timaiwala ndi Chichewa chathu chomwe. Wina amalemba ntchemberezandonda, wina amadula pakati kuti ntchembere zandonda, winanso amangoti mbozi za m'chimanga. Mneni wathu amasinthanso nkhope: kupha, ndingaphe, mungaziphe. Musadalire kuti makina adziwa kuti zonsezi ndi chinthu chimodzi. Sankhani kalembedwe kamodzi ka mutu, enawo aoneke kamodzikamodzi m'kati, pamene akukhala bwino. Funso limene mlimi angafunse ndi pakamwa, monga "Ndingaphe bwanji mbozi m'chimanga?", liikeni ngati kamutu kakang'ono, yankho libwere pansi pake pomwepo.

Pakatha milungu ingapo, tsekulani `Google Search Console`, chida cha Google choonetsa momwe anthu akupezera nkhani zanu, mupite pa `Performance` ndi kuona `Queries`. Pamenepo pali mawu enieni amene anthu analemba. Ngati `Impressions`, maulendo amene nkhani yaoneka pa zotsatira, ndi ochuluka koma `Clicks`, maulendo amene anthu aitsekula, ndi ochepa, yambani mwaona `Average position`, malo amene nkhani imakhala pa zotsatirazo: nkhani ikakhala kutali pansi, anthu sakuyifikira. Ikakhala pamwamba koma osaitsekula, kayikirani mutu. Mwina sukulonjeza chimene mlimi akufuna, ndiye muulembenso uyambe ndi vuto lake.