Momwe mungatetezere nyumba ndi zipangizo zamagetsi ku mphenzi dzinja lino

Chaka chatha mu Disembala mlamu wanga wa ku Kapata anataya TV ndi dikoda usiku umodzi. Mvula itayamba kugunda chakumapiri, iye anathimitsa swichi ya pakhoma n'kukagona mtima uli m'malo. M'mawa malaiti anali bwinobwino, firiji ikulira monga mwa masiku onse, malata osapsa pena paliponse, koma dikoda inali zii, ndipo TV imayaka koma osalandira chithunzi. Atapita nazo kwa wokonza, anapeza kuti dikoda yapsa pomwe pamalowa waya wochokera ku dishi, ndipo motowo unadutsa pa waya wolumikiza dikoda ndi TV n'kukapsereza polowera pake.

Nkhani ya mlamuyi ndi yomwe imachitika m'nyumba zambiri kuno ku Chipata kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mphenzi, kapena kaleza monga ambiri timanenera, siichita kugwera padenga panu kuti ikuonongereni katundu. Ikagwa pa polo ya ZESCO, pa mtengo wa kwa aneba kapena pabwalo chapafupi, mphamvu yake imalowa m'mawaya onse ali m'deralo n'kuthamanga nawo kufunafuna njira yopita pansi. Njirayo ikapezeka kuti ndi m'kati mwa dikoda yanu, dikodayo yapita. Choncho ntchito yonse ndi iwiri: kudula njira zolowera m'nyumba, ndi kuipatsa mphamvuyo njira yaifupi yopita m'nthaka.

Yambani ndi zimene sizifuna ndalama

Yendani m'nyumba mwanu muwerenge mawaya ochokera kunja. Nyumba zambiri zili ndi wa ZESCO ndi wa dishi kapena eriyo. Zina zili ndi wochokera ku mapanelo a sola, wopita ku pampu ya pachitsime, kapena wokokera malaiti ku kanyumba ka kuseri. Uliwonse mwa amenewa ndi khomo.

Kuthimitsa swichi sikutseka khomo limeneli. M'kati mwa swichi zitsulo ziwiri zimangotalikirana mamilimita ochepa, ndipo mphamvu ya mphenzi ikakhala yaikulu imalumpha kampata kameneko. Zulani pulagi yeniyeniyo, muiike patali ndi soketi. Kenako, apa mpamene mlamu wanga anaiwala, masulani waya wa dishi kuseri kwa dikoda. Umachita kupotokola ndi zala, sufuna sipanala.

Muchite zimenezi mvula isanafike pamutu panu, osati ili m'kati, chifukwa kugwira waya wa dishi pamene kunja kukung'anima nkudziika inuyo pa njira ya mphenzi. Pali kawerengedwe kosavuta. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu. Phokoso limayenda kilomita imodzi pa masekondi atatu, choncho masekondi 30 ndiye kuti mphenzi yagwa makilomita 10 kuchoka pomwe muli. Chiwerengero chikatsika kufika pa 30, nthawi yozula yadutsa kale. Siyani mawayawo, musasambe madzi a pampopi, musagwiritse ntchito foni ili pa chaja. Dikirani mphindi 30 chigundire bingu lomaliza musanabwezere chilichonse.

Efi ya nyumba yanu ili moyo?

Kuzula mapulagi kumathandiza mukakhala pakhomo. Nanga mvula ikakupezani muli kumunda kapena ku Saturday Market? Apa mpamene pamafunika efi, waya ndi ndodo zotsitsira mphamvu ya magetsi m'nthaka, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa zina zonse zimene mungagule zimadalira iyoyi.

Zungulirani nyumba chakumene kuli mita ndi bokosi la mabuleka. Muyenera kupeza waya wobiriwira wa mizere yachikasu ukutsika kupita pa ndodo yachitsulo yokutidwa ndi kopa, yokhomeredwa m'nthaka. Yang'anani zinthu zitatu. Kodi wayayo alipo, kapena okumba ngalande anaudula ndi khasu, kapena akuba kopa anapita nawo? Kodi kilampu yomanga waya ku ndodo ndi yothina, kapena wayayo anangoukulunga ndi manja? Kodi polumikizirapo pachita dzimbiri kapena zobiriwira? Kwa mlamu wanga tinapeza waya uli gwedegwede pa kachitsulo ka zomangira nyumba kotalika ngati mkono, kodyeka ndi dzimbiri. Amene anaika mawaya m'nyumbamo anangofuna kuti pazioneka ngati pali efi.

Maso sangakuuzeni zonse. Itanani mmisiri wa magetsi wokhala ndi mapepala ake, amene ali ndi makina opimira efi. Makinawo amapereka chiwerengero cha maomu, kusonyeza kuchuluka kwa momwe nthaka ikukanira kulandira magetsi. Chikachepa ndiye bwino. Pa zoteteza ku mphenzi, amisiri amalinga ku maomu 10 kapena kucheperapo. Nthawi yabwino yopima ndi Okutobala nthaka ili gwaa, chifukwa efi yokhoza m'chilimwe imakhoza chaka chonse, pomwe yopimidwa nthaka itanyowa ingakunamizeni. Kumbukirani kuti mvula zoyamba, zomwe zimabwera ndi ziphaliwali zoopsa, zimagwa pa nthaka youma.

Ndodo za efi zimagulitsidwa zotalika mosiyana, monga mamita 1.2, 1.5 ndi 2.4. Yaitali ndi yabwino chifukwa imakafika pachinyezi. Vuto la kuno kwathu ndi miyala, makamaka nyumba za m'mphepete mwa mapiri, kumene ndodo imakana kulowa isanafike ndi theka lomwe. Osaidula n'kunena kuti zatha. Mmisiri angakhome ndodo ziwiri kapena zitatu, zotalikirana osachepera kutalika kwa ndodo imodzi, n'kuzilumikiza ndi waya wa kopa wokwiriridwa pansi. Mukazithithikiza pamodzi zimalimbirana nthaka yomweyo ndipo phindu limachepa. Kwa mlamu, ndodo yoyamba ya mamita 1.5 inapereka maomu pafupifupi 60. Yachiwiri inatsitsa kufika m'ma 35, yachitatu m'ma 25. Sitinafike pa 10, koma poyerekeza ndi kachitsulo kaja kanali kusiyana kwakukulu, ndipo tinasankha mbali ya nyumba kumene kumagwera madzi a padenga kuti pazikhala chinyezi.

Ambiri amathira mchere ndi makala m'dzenjemo. Zoona, chiwerengero chimatsika tsiku lomwelo, koma mcherewo umakokoloka ndi mvula ndipo umadya ndodoyo. Ngati mungapeze dongo logulitsa lotchedwa bentonaiti, limenelo ndiye limasunga chinyezi popanda kuononga chitsulo.

Chinthu chimodzi choti muumirire: efi zonse za panyumba zilumikizidwe pamodzi. Ngati dishi ili ndi ndodo yakeyake, sola yakeyake, bokosi la mabuleka yakeyake, mphenzi ikagwa pafupi ndodo imodzi imalandira mphamvu yambiri kuposa inzake, ndipo kusiyanako kumadutsa m'nyumba kudzera m'zipangizo zanu. Chitsulo chogwira dishi, mafelemu a mapanelo, mapaipi achitsulo a madzi, zonsezi zikumane pa efi imodzi.

Zoti mugule, ndi zoti zisakunamizeni

Mabuleka a m'bokosi sateteza ku mphenzi. Ntchito yawo ndi kudula magetsi waya akamatentha kapena pakachitika shoti, ndipo pofika nthawi yoti buleka igwe, mphamvu ya mphenzi imakhala itadutsa kalekale. Nako kachipangizo komwe timaika pa firiji kamathandiza malaiti akamabwera ochepa kapena ochuluka, komanso kudikiritsa firiji mphindi zingapo malaiti akangobwera. Nkabwino nthawi ya kuthimathima, koma si ntchito yomwe tikukambayi.

Chofunika ndi saji purotekita ya m'bokosi la mabuleka, yomwe imakhala pamzere umodzi ndi mabulekawo. Masiku onse imangokhala duu, koma mphamvu ikakwera mwadzidzidzi imatsegula njira yopita ku efi. Ya nyumba wamba ya magetsi a mavoti 230 imakhala yolembedwa T2, 275V ndi 40kA. Ndi mmisiri yekha woyenera kuiika, ndipo mita musaikhudze, ndi ya ZESCO. Akamaika muyang'ane mawaya ake: akhale aafupi ndi oongoka, onse pamodzi osapitirira theka la mita. Waya wautali wopindidwapindidwa kuti m'bokosi muoneke mwaudongo umachepetsa kwambiri chitetezocho.

Kachipangizoka kamatha. Kali ndi kawindo kobiriwira komwe kamasanduka kofiira kakapsa m'kati, ndipo malaiti amapitiriza kuyaka ngati palibe chachitika. Ikadutsa mvula ya mabingu aakulu, kasuzumireni. Chofiira ndiye kuti nyumba ili pambalambanda mpaka mutasintha.

Pa TV ndi kompyuta mungaonjezere adaputa yokhala ndi chitetezo chomwechi, yomwe imatola zotsalira. Koma nayonso imataya mphamvu kudzera pa mwendo wachitatu wa pulagi, waukulu uja. Soketi ikakhala yopanda efi, mwangogula adaputa wamba pa mtengo wokwera. A sola afunse chotetezera cha magetsi a kumapanelo, chomwe chimaikidwa inivata isanafike. Nchosiyana ndi cha magetsi a ZESCO, musasinthanitse.

Nanga ndodo ya padenga?

Sikuti nyumba iliyonse ikufunika ndodo yolandira mphenzi. Nyumba yaifupi ya pakati pa zinzake ku Mchini kapena ku Nabvutika ingayambe ndi efi ndi saji purotekita. Koma yoima yokha pachitunda, yosanja, ya kufamu pamtetete, kapena yokhala ndi thanki pamwamba pa nsanja yachitsulo, imeneyo iganizire. Ndodoyo siithamangitsa mphenzi. Imangoilandira m'malo mwa denga. Chifukwa chake chofunika kwambiri ndi chotsitsira pansi: kopa wonenepa mamilimita 8, kapena lamba wa kopa, wotsika kunja kwa khoma mosapinda mwamphamvu, kutali ndi khomo ndi pomwe ana amasewera. Ndodo yolumikizidwa ndi waya wamba wa masoketi ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa wayayo amasungunuka ndipo moto umalumphira ku mitengo ya denga. Pa nyumba ya udzu ndodo siikhala padenga ayi, imaima pa mlongoti wakewake pambali, wotalika kuposa nyumbayo ndipo wosakhudza udzu.

Za tayala lakale loponya padenga, lomwe timaliona m'makomboni ndi m'midzi, ndinene mwachidule: limathandiza kuti malata asauluke ndi mphepo, basi. Mphenzi yomwe yadutsa makilomita angapo m'mlengalenga singabwerere chifukwa cha mphira.

Kwa mlamu tinagula ndodo zitatu, makilampu, waya wa kopa ndi saji purotekita imodzi, ndipo ntchito yonse inatha tsiku limodzi. Pa dishi mmisiri anaika kachitsulo ka efi pomwe waya amalowera m'nyumba n'kukalumikiza ku ndodo zija. Ngakhale zili choncho, mitambo ikayamba kuda chaku Kanjala, mwana wake wamkulu amadziwa kale ntchito yake: pulagi kaye, kenako waya wa kuseri kwa dikoda.