Khodi ya puromoshoni yakana kapena mtengo wasintha mutaoda kale? Chitani izi

Mlamu wanga wa ku Kamuzu Road kuno ku Salima anaona pa Facebook shopu ina ya ku Lilongwe ikuti magetsi a sola atsika ndi 20 peresenti ukalemba khodi polipira. Seti yake K60,000, yotumizira mpaka ku Salima K6,000. Walemba khodi ija, wadina Apply, mtengo uli pomwepo K66,000. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, timangoti mwina achotsera kutsogoloku basi n'kuika PIN. Sachotsa ayi. Nambala yomwe ili pansi penipeni musanalipire ndi imene ichoke mu Airtel Money kapena Mpamba mwanu, ndiye ngati sinatsike imani kaye.

Choyamba jambulani sikirinishoti ya chilengezo chija, muonetsetse kuti mtengo, khodi ndi deti lothera zikuoneka, chifukwa positi amatha kuisintha kapena kuifufuta nthawi iliyonse ndipo mukadzayamba kukangana mulibe pogwira.

Kenako werengani zomwe foni yalemba khodi itakana, musangotseka. Ikati "Invalid code" nthawi zambiri vuto ndi kalembedwe, ziro mwamuyesa O, kapena pokopa mwatengera limodzi kampata kumapeto, ndiye fufutani mulembe pamanja. Ikati "Expired" yatha imeneyo, musavutike nayo. Makhodi ena ndi a munthu wogula koyamba yekha, ena sagwira pa katundu amene watsitsidwa kale mtengo, ndipo malo ambiri salola makhodi awiri pa oda imodzi.

Ya mlamu wangayi inali nkhani ya malire. M'munsi mwa chithunzi munali timalemba ting'onoting'ono toti khodi imagwira ukagula za K65,000 kupita m'mwamba. Iye ankati ndakwanatu ine, si K66,000 iyi, osadziwa kuti ya transipoti sawerengera, amaona K60,000 ya katundu yokha. Tinawonjezera mababu a K7,000, katundu n'kufika K67,000, khodi inalowa n'kuchotsa K13,400, kutsala K53,600, kuphatikiza yotumizira ija zonse K59,600. Mababu watenga komanso walipira yochepa kuposa poyamba. Koma muziwerengetsa kaye, si nthawi zonse zimatere, ngati chowonjezeracho chikudula kuposa ndalama yomwe akuchotsereni ndipo simukuchifuna n'komwe, ingochisiyani.

Mtengo ukatsika jambulaninso tsamba lomalizalo, ndiye muziika PIN. Ka meseji kobwera mukalipira kaja musakafufute, muli nambala ya thiranzakishoni, nthawi ndi dzina la wolandira, ndiye lisiti lanu limenelo. Netiweki ikazungulirazungulira osaonetsa kuti zatheka musathamangire kulipiranso, onani kaye balansi, anthu amalipira kawiri motere.

Tsopano yovuta ndi iyi, mwalipira kale, mawa lake foni ikulira, eti bwana mtengo unali wakale uja dola yakwera, onjezani K8,000 kuti titumize. Musatumize kanthu ndipo musakambirane pakamwa pokha. Auzeni alembe pa WhatsApp, inu muyankhe potumiza masikirinishoti aja ndi nambala ya thiranzakishoni, n'kunena mwachidule kuti munagula pa K59,600, atumize katundu pa mtengo umenewo kapena abweze ndalama yonse pofika tsiku lakuti, mutchule deti lenileni. Akati tikusungirani ndalamayo mudzagule china tsiku lina, muli ndi ufulu wokana ngati simukufuna. Osatukwana, chifukwa mameseji omwewa akawerengedwanso ndi ena nkhani ikapita patali.

Musadalire kwambiri kuti a kampani ya foni akubwezerani. Kubweza kuja kwenikweni n'kwa amene watumiza ku nambala yolakwika, mkangano wa mtengo pakati pa inu ndi wogulitsa ndi nkhani ina. Tsiku lija likadutsa ali zii, kadandauleni ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lomwe limalandira madandaulo a ogula kuphatikizapo a kutsatsa malonda monamiza. Mukonzeretu chilengezo, tsamba lolipirira, meseji ya ndalama, zokambirana zanu ndi dzina komanso nambala ya shopuyo. Ngati nambala yazimitsidwa ndipo peji yasowa, pamenepo si za mtengonso, mwaberedwa, imbirani a Airtel kapena TNM nthawi yomweyo mupitenso ku polisi.

Ogula kunja ndi khadi la ku banki dziwani kuti makwacha omwe tsamba limaonetsa amakhala ongoyerekeza, banki imasintha ndi reti yake n'kuikapo ya ntchito. Ndiye musanayambe kukangana ndi shopu yerekezani mtengo wa madola wa pa oda ndi wa pa sitetimenti, akafanana ndiye kuti kusiyanako kwachokera ku banki ndipo kofunsa n'komweko.