Momwe mungaphunzitsire madigiri 180 a thirayango popinda pepala

Ana ambiri a sitandade 7 amaloweza kuti ngodya zitatu za thirayango zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180, koma mukawafunsa chifukwa chake amangoyang'ana kudenga. Ine kuno ku Dedza ndimawapindisa pepala kaye, nambalayo aipeze okha.

Gulu lililonse likhale ndi pepala, lula, lumo ndi pulotalakita. Mapepala a mayeso akale amagwira bwino ntchito, koma nyuzipepala ayi, imang'ambika popinda. Ngati ndi mu Juni, tsekani mawindo, apo ayi mphepo ya kuphiri ikuulutsirani phunziro lonse.

Ajambule mzere wa masentimita 20. Kuchokera kumanzere ayeze masentimita 8, aike kadontho, akwere molunjika masentimita 10, pamenepo ndiye pansonga. Alumikize nsongayo ndi mapeto awiri a mzere uja, kenako adule. Ngodya ya pamwamba ailembe A, ya kumanzere B, ya kumanja C, ndipo alembe kuseri komwe, chifukwa akapinda zilembo zakutsogolo zibisika.

Tsopano kupinda. Atsitse nsonga A mpaka ikhudze kadontho kaja, asindikize ndi chikhadabo. Akokere B pa kadontho komweko, C chimodzimodzi. Ngodya zitatuzo zikumana mutu umodzi, popanda mpata kapena kusanjikizana, ndipo zigona pa mzere wowongoka. Pepalalo lisanduka ngati envulopu ya masentimita 10 mulitali ndi 5 mulifupi. Apa musafulumire kuyankhula. Afunseni kuti mzere wowongoka uli ndi madigiri angati, mudikire.

Akatambasula ayeze ndi pulotalakita. A ikhala pafupifupi 89, B 51, C 40. Wina akapeza 179 kapena 182 musamudzudzule, pensulo yobuntha ndi lumo lokhota zimaba digiri imodzi kapena ziwiri. Koma akabwera ndi 280, dziwani kuti wawerenga 140 m'malo mwa 40. Pulotalakita ili ndi mizere iwiri ya manambala, ndiye ayambire pa 0 amene wagona pa mbali ya thirayangoyo. Ndimangomufunsa kuti, "Iwe, ngodya imeneyi ndi yotambasuka kuposa kona ya kope lako?" Amaona yekha.

Kenako aliyense adule thirayango ya kukhosi kwake, yowonda kaya yopendekeka. Apa mpamene zimasokonekera. Mbali yaitali kwambiri ikhale pansi nthawi zonse, chifukwa ngodya yoposa madigiri 90 ikakhala pansi, kadontho kamagwera kunja kwa pepala ndipo kupinda kumakanika. Kuti apeze kadonthoko opanda lula, apinde kudutsa pansonga, mbali ya pansi igonerane yokhayokha. Pomwe mzere wopindawo wafikira pansi ndi pomwepo.

Lembani zotsatira za magulu onse pabolodi, kuphatikizapo 179 uja.