Kukumbutsa kasitomala ndalama zikachedwa ndi masabata awiri

Pa masabata awiri si nthawi yoopseza. Kuno ku Lilongwe invoisi imachedwa kawirikawiri chifukwa yatsakamira pa desiki ya wosainira, kapena inapita kwa amene anaoda katundu osati kwa a zachuma. Choncho imelo yoyamba ikhale yofunsa, ndipo akauntanti wa kasitomalayo aione. Invoisiyo itumizeninso limodzi ndi imeloyo, pasakhale zoti "sitinailandire".

Pamutu lembani nambala ya invoisi, chifukwa ndi imene amafufuzira. Tiyerekeze kuti munasindikiza mabuku a malisiti a K450,000:

"Mutu: Chikumbutso cha invoisi nambala 0147

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndimati ndikukumbutseni za invoisi nambala 0147 ya K450,000, imene inayenera kulipidwa pa 3 Juni. Mpaka lero ndalamazi sizinaonekere ku akaunti yathu. Invoisiyo ndaitumizanso pamodzi ndi uthengawu. Chonde mundiuzeko tsiku limene tingayembekezere malipirowa. Ngati mwalipira kale, munditumizireko umboni wake kuti tikonze mabuku athu.

Zikomo kwambiri."

Mawu akuti "sizinaonekere ku akaunti yathu" amamupatsa munthu potulukira, pomwe "simunalipire" ndi kumuloza chala, ndiye mwina analipira dzulo kudzera ku banki ina. Onani kaye sitetimenti yanu musanatumize.

Musapepese ngati mukupempha chithandizo, ndalamazo ndi zanu. Za chiwongoladzanja zisiyeni kaye. Koma tsiku lifunseni ndithu, chifukwa "tikonza posachedwa" alibe polondolera. Akakhala chete masiku atatu, imbani foni.