Wodwala akamati chakudya chikumveka chitsulo mkamwa, si matama ayi

Inu amene mukudwazika matenda, mwina zakuchitikiranipo izi, mwaphika bwinobwino koma wodwala wangolawa kamodzi n'kukankha mbale, akuti mkamwa mukumveka ngati wavumata ndalama yachitsulo. Musapse mtima, vuto si kaphikidwe kanu.

Titenge munthu amene wapatsidwa metironidazo, uja ambiri timangoti fulajilo, kuti amwe masiku 7. Mankhwalawa akalowa m'magazi ena amatulukira m'malovu, ndiye lilime limakhala likuwalawa tsiku lonse olo asanadye kanthu, ndipo ngati akutentha thupi mkamwa mumauma, malovu ochepawo amakhala olemera ndi mankhwala, zimangonyanya. Mapiritsi a ayironi, aja owonjezera magazi, ndi metifomini wa shuga nawonso amatero.

Tsono apa ndi pomwe ambiri sadziwa. Lilime palokha limazindikira zinthu zisanu basi, kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zomwe timati kukoma ndi fungo, lomwe limakwera kuchokera kukhosi kupita kumphuno tikamatafuna. Tayesani kutsina mphuno mukudya chipatso, mumva kutsekemera kokha, mukangosiya mphuno ndi pomwe chipatsocho chimadziwika kuti ndi chiti. Ndiye wodwala wathu uja akakhalanso ndi chimfine fungo silikufika, chatsala mkamwa ndi chitsulo chija chokha, njala ichokera kuti?

Asanadye achukuche mkamwa ndi kapu imodzi ya madzi ofunda, yothiramo kotala ya tiyisupuni ya soda wophikira ndi kamchere kochepera apo, alavule, osameza. Supuni ikhale yapulasitiki. Chakudya chiyambe chazizira kaye chifukwa nthunzi ndi imene imanyamula fungo, kwa munthu wa mseru kafungo ka mafuta okazinga kokhako kamamudzutsira kusanza, bola kuphikira kutali ndi komwe wagona. Nyama yofiira ndiye imamveka chitsulo kwambiri, yesani mazira. Timadontho ta ndimu timakoka malovu, koma ngati mkamwa muli zilonda ayi, mumulizitsa.

Ine chomwe ndimaletsa kwambiri ndi kumunyengerera ndi chakudya chake chapamtima pa tsiku lomwe akusanza. Akadya n'kusanza olo kamodzi kokha, ubongo umaloza chakudyacho kuti ndiye poizoni, ndipo atha kudana nacho miyezi ngakhale zaka atachira kalekale. Chisungeni mpaka mseru utathe.

Mankhwala asasiye payekha chifukwa cha mkamwamo, fulajilo akatha kachitsuloko kamachoka pakangopita masiku ochepa. Koma mukaona zoyerayera ngati mkaka wogona palilime, kapena mkamwa mukununkha ngati mkodzo kwinaku mapazi akutupa, kapena padutsa masabata awiri chimalizireni mankhwala zinthu zili chimodzimodzi, apo si za mapiritsi zokha, abwerere kuchipatala akamuone.